Thumba la K85,000 lomwe ndinaiwala kusintha

Ndimagulitsa mpunga wa Kilombero ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe. Msuweni wanga amandigulira ku Karonga, n'kukweza matumba pa lole, ine n'kumalandira kuno. Ndilibe shopu, ndili ndi khonde, sikelo yopachika, ndowa, zigoba ziwiri ndi foni. Makasitomala ambiri amandipeza kudzera pa uthenga womwe ndimalemba pa WhatsApp katundu akafika, ndipo uthengawo ndi womwe unandidyera mpamba tsiku lina kumapeto kwa chaka cha 2023.

Mukukumbukira kuti mu Novembala chaka chimenecho ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Zinthu zinayamba kukwera ngati zikuthamangitsana. Matumba omwe anafika sabata zingapo pambuyo pake anali atandidya K95,000 lililonse, kuphatikiza thiransipoti ndi anyamata otsitsa. Mitengo yanga yonse inayenera kusintha. Lole inafika kutada, ndinali nditatopa, ndipo ndinachita zomwe ndinkachita nthawi zonse: ndinapita pa uthenga wa mwezi watha, ndinaukopa, ndinayamba kusintha manambala mmodzimmodzi nsima ili pamoto. Zomwe zinatuluka ndi izi:

Mpunga wa Kilombero wafika, wosweka, wonunkhira.
Kilo K2,400
5 lita K9,500
Ndowa 20kg K38,000
Thumba 50kg K85,000

Ndinauyang'ana kamodzi, ndinaona kuti uli bwinobwino, ndinautumiza m'magulu anayi ndi pa sitetasi, n'kupita kukaomola nsima. M'mizere isanu yokhayi munali zolakwika zitatu, ndipo maso anga sanaone ngakhale chimodzi.

Choyamba kundipeza chinali thumba. Mbale zisanatsukidwe, foni inalira kuti mwalowa K170,000. Kenako bambo wina, yemwe ndinali nditamugulitsapo kawiri m'mbuyomo, anaimba.

"Mayi, ndatumiza ya matumba awiri. Ndibwera m'mawa ndi galimoto."

"Matumba awiri, bambo? Ndiye kuti yatsala K50,000."

"Yatsala bwanji? Inu nomwe mwalemba 85."

Ndinatsegula uthenga uja mtima ukugunda. Kilo ndinasintha, chigoba ndinasintha, ndowa ndinasintha, koma mzere womaliza unali ndi mtengo wa mwezi watha. Thumba limayenera kukhala K110,000. Bambowo sanalakwe kanthu: anawerenga, anaona kuti mtengo ndi wabwino, analipira msangamsanga ena asanawapitirire. Ndinayesa kufotokoza, iwo n'kunditumizira chithunzi cha uthenga wanga womwe, atazunguliza 85 ija ndi mzere wofiira. Ndinawapatsa matumba awiriwo. Ena amati ndikanawabwezera ndalama yawo n'kupepesa, ndipo mwina ndi zoona, koma munthu anali atalipira kale pa mtengo wolembedwa ndi dzanja langa, komanso amakhala m'gulu limodzi ndi makasitomala anga ena ambiri. Thumba lililonse linapita ndi K10,000 ya mpamba wanga, osanenanso za phindu.

Usiku womwewo ndinafufuta sitetasi n'kulemba m'magulu monse kuti mtengo wa thumba ndi K110,000. Ndinakonza chomwe chinandiluma chokhacho. Mizere inayo sindinaiwerengenso, ndipo apa ndi pomwe ndimadziimba mlandu kwambiri, chifukwa munthu akapeza nsabwe imodzi m'chovala amayenera kusanthula msoko wonse.

Patapita masiku awiri kunabwera mayi wina amene ali ndi kalesitilanti pafupi ndi depoti. Anafuna ndowa zitatu. Ndinawayezera bwinobwino, ndowa yodzadza mpaka m'milomo, katatu, iwo n'kupereka K114,000. Madzulo anabweranso ndi thumba lawo pa kabaza, nkhope itasintha.

"Asisi, ine ndimakudalirani, koma izi ndiye ayi. Ndakayeza pa sikelo yanga, muli makilogalamu 51. Ndowa zitatu za 20 ndi 60. Naini yapita kuti?"

Naini sinapite kulikonse. Ndowa yanga ndi ya malita 20, osati makilogalamu 20. Polemba, chala chinaika kg pomwe pamayenera kukhala lita, mwina chifukwa mzere wotsatira unali ndi kg, ndipo m'maso mwanga "ndowa 20" inkaoneka yolondola kale.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa vuto la miyezo ndi lomwe ambiri ogulitsa zokolola timalipeputsa. Lita imayeza malo omwe chinthu chadzadza, kilo imayeza kulemera kwake. Ziwirizi zimafanana pa madzi pokha, pomwe lita imodzi imalemera kilo imodzi. Mpunga uli ndi mipata pakati pa njere zake, choncho ndowa ya malita 20 ikadzadza, pa sikelo yanga imakwana makilogalamu pafupifupi 17. Chigoba cha malita 5 chimalemera makilogalamu 4 ndi pang'ono. N'chifukwa chake timati ndowa zitatu ndi thumba: 17 katatu ndi 51, pafupi kwambiri ndi 50. Ndowa yomweyo mukathiramo mtedza wosenda imapepukirapo, kwa ine imafika cha m'ma 13, ndipo mtedza wamakoko ndiye umapepuka kwambiri. Ndiye palinso nkhani yoti ndowayo ndi yosalaza pamwamba kapena yamulu, osanenanso za ndowa zija za pamsika zomwe zina anaziphwanya pansi kuti zichepe, zina anazifutukula ndi madzi otentha kuti zikule, malinga ndi kuti mwiniwake akugulitsa kapena akugula. Sikelo a bungwe la Malawi Bureau of Standards amatha kuiyeza n'kunena ngati ikunama. Ndowa ilibe woiyeza.

Mayi aja sanagule ndowa, anagula makilogalamu 60 omwe ndinawalonjeza m'malemba. Iwo anali atawerengetsa kale kunyumba: K38,000 kugawa ndi 20 ndi K1,900 pa kilo, kutsika ndi K500 poyerekeza ndi mtengo wa kilo imodzi, ndiye anathamangira. Ndinawaonetsa ndowa, ndinawaonetsa pomwe panalembedwa 20 L pansi pake, anamvetsa kuti sindinawabere. Komabe ndinawaonjezera makilogalamu 9 aja. Munthu wogula mpunga sabata iliyonse sungamutaye chifukwa cha zilembo ziwiri. Pa mtengo womwe ndinaodera, K1,900 pa kilo, inali K17,100 inanso yopita.

Cholakwika chachitatu sichinabwere ndi phokoso, ndipo n'chomwe chimandiopsa kuposa zinazo. Mlamu wanga ndi amene anandifunsa Lamulungu, tikutuluka m'tchalitchi: "Alamu, mwayamba kugulitsa wosweka tsopano?" Ndinadabwa. Mpunga wanga unali wamtali, wopetedwa bwino. Ndinafuna kulemba "wosasweka", koma "sa" mmodzi anagwera panjira. Chichewa chathu chili ndi msampha umenewu: kukana kwake kumakhala m'kati mwa mawu, m'zilembo ziwiri zokha. Wosasweka ndi wosweka, wosasenda ndi wosenda, wosapuntha ndi wopuntha, zosagwiritsidwapo ntchito ndi zogwiritsidwapo ntchito. Mawu onse awiri ndi Chichewa cholondola, choncho palibe chimakuchenjezani. Amene anawerenga "wosweka" pa K2,400 anangoti mayi ameneyu wapenga, n'kudutsa. Sanaimbe, sanadandaule, ndipo mpaka lero sindingawawerenge.

Komanso uthenga ukatuluka sumabwerera wonse. Pa WhatsApp mukhoza kukonza zomwe mwalemba m'gulu ngati sipanathe mphindi 15, koma sitetasi siyikonzeka, mumangoifufuta n'kuika ina. Yemwe anautumiza kale kwa mnzake, kapena anaujambula pa foni yake, amakhalabe ndi wolakwika uja. Chithunzi cha K85,000 chinayenda sabata zitatu. Anthu osawadziwa ankaimba, ndikawauza mtengo weniweni ena ankati, "Ndinu akuba, mumakopa anthu ndi mtengo wabodza." Madzi akatayika saoleka.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kachitidwe, ndipo chachikulu chomwe ndinaphunzira n'choti mitengo siyiwerengedwa ndi maso. Maso amangoona kuti nambala ilipo ndipo ikuoneka ngati mtengo. K85,000 inali nambala yomwe ndinaizolowera mwezi wathunthu, inkaoneka yakwathu kuposa K110,000. Chomwe chimagwira wakuba ndi masamu. Mzere uliwonse ndimausandutsa mtengo wa kilo imodzi, pa kakyuleta ya pafoni, n'kulemba mayankho pa pepala motsatana.

Tiyeni tichite pa uthenga wanga uja monga unalili. Kilo ndi K2,400, palibe chogawa. Chigoba: K9,500 kugawa ndi 4.2, chifukwa ndi mmene chimalemerera, zikupereka pafupifupi K2,260. Ndowa: ndikatsatira zomwe ndinalemba, K38,000 kugawa ndi 20, zikupereka K1,900. Thumba: K85,000 kugawa ndi 50, zikupereka K1,700. Tsopano onani masitepe ake: 2,400, kenako 2,260, kenako 1,900, kenako 1,700. Wogula zambiri amayenera kutsitsiridwa, inde, koma pang'onopang'ono. Apa kuchoka pa chigoba kupita pa ndowa ndi kudumpha dzenje, ndipo thumba latsika kupyola K1,900 yomwe ndinaodera. Manambala awiri omalizawo akukuwa okha. Pa uthenga wolondola, ndowa ndi K38,000 kugawa ndi 17, pafupifupi K2,235, thumba ndi K110,000 kugawa ndi 50, K2,200. Masitepe ake akutsika modekha: 2,400, 2,260, 2,235, 2,200, ndipo onse ali pamwamba pa mtengo woodera.

Pali mafunso awiri okha omwe ndimafunsa pepala limenelo. Kodi mtengo wa kilo ukutsika pang'onopang'ono muyezo ukamakula? Kodi pali womwe wafika kapena kutsika pa mtengo woodera? Nthawi zina zimatuluka mozondoka, thumba kukhala lodula pa kilo kuposa ndowa, ndipo kasitomala wochenjera amangogula ndowa zitatu n'kukusekani. Kakyuleta ikakhala patali, pali njira yachidule: zigoba zinayi zifanane ndi ndowa, ndowa zitatu zifanane ndi thumba. Tsiku lija ndowa zitatu zinali K114,000 pomwe thumba linali K85,000. Kusiyana kwa K29,000 pa mpunga wofanana! Mwana wa Sitandade 5 akanaona, akanangopatsidwa funsolo.

Chofunika apa n'kugawa ndi nambala yomwe mwalemba mu uthenga, osati yomwe ili m'mutu mwanu. Ndikanagawa ndi 17 chifukwa ndikudziwa kuti ndowa ndi 17, masamu akanatuluka bwino ndipo "20kg" ikanadutsa osaoneka. Muziwerengetsa ngati mlendo amene sanaionepo ndowa yanu.

Pa miyezo ndinaika lamulo limodzi: mzere uliwonse ukhale ndi makilogalamu. Ndowa ndi chigoba sindinazitaye, anthu amagula ndi maina amenewo, koma pambali pake ndimalemba kulemera kwake, nditayeza katundu wa ulendo umenewo. Tsopano ndimalemba "Ndowa ya malita 20, pafupifupi makilogalamu 17". Mawu oti pafupifupi ndi ofunika, chifukwa mpunga wa ulendo uno ndi wa ulendo wamawa sulemera ndendende chimodzimodzi. Ndipo lita ndimalemba mawu onse. Chilembo l chaching'ono pafoni chimafanana ndi 1, moti "5l" munthu wa maso otopa akhoza kuwerenga 51.

Nditafotokozera mchimwene wanga, yemwe amagulitsa malata ku Mchesi, anaseka n'kunena kuti kwawo matendawa ndi a mafiti ndi mamita. Lata la mafiti 10 ndi mamita 3 ndi kachidutswa, la mafiti 12 ndi mamita 3.66, ndiye wina akalemba mzere umodzi m'mafiti, wotsatira m'mamita, mmisiri amafika padenga ndi malata operewera. Ogulitsa minda nawo ali ndi ekala ndi hekitala, pomwe hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Aliyense ali ndi ndowa yake.

Manambala ali ndi timisampha tinanso. Ziro mmodzi akathawa, K110,000 imasanduka K11,000, ndipo pa foni yong'aluka galasi ngati yanga simungaone msanga. Ndimawerenga maziro ndi chala, ndipo ndimaika mpatuliro nthawi zonse, chifukwa 110000 yopanda mpatuliro imavuta kuiwerenga. Kalembedwe ka achinyamata kaja koti 110k ndinakasiya. K wathu kutsogolo ndi kwacha, k wawo kumbuyo ndi sauzande, ndipo ukasakaniza m'mizere yoyandikana agogo ena amafunsa ngati thumba lafika pa K110.

Ndiye pali mtengo wobisala pa chithunzi. Ndinkakonda kujambula mpunga uli m'beseni, kakatoni kolembedwa mtengo kali pamwamba. Chithunzicho chikakhala chokongola umafuna kuchigwiritsanso ntchito, n'kuiwala kuti kakatoni kakunena za mwezi watha pomwe mawu apansi akunena za lero. Wogula amasankha wotsikawo, ndipo ali ndi umboni. Masiku ano ndimajambula mpunga wokha. Mtengo umakhala malo amodzi basi, m'mawu, ndipo pamwamba pake ndimalemba tsiku: "Mitengo ya pa 14 Malichi". Chithunzi cha uthengawo chikayenda mwezi wathunthu, tsikulo limandiyankhira.

Zilembo ndimaziwerenga pazokha, masamu atatha, chifukwa mutu sungagwire ziwiri nthawi imodzi. Ukamasamala manambala mawu amadutsa, ukamasamala mawu manambala amadutsa. Ndimayamba ndadzitumizira uthengawo pa nambala yanga. Sindidziwa kuti zimatheka bwanji, koma mawu akachoka m'kabokosi kolembera n'kukhala ngati abwera kuchokera kwa wina, zolakwika zimaonekera. Kenako ndimapatsa foni mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 kuti awerenge mokweza, ine nditagwira kope lomwe ndimalembamo mitengo. Iye sadziwa zomwe ndimafuna kunena, choncho amawerenga zomwe zalembedwa. Ine ndikawerenga ndekha, pakamwa pamatuluka "wosasweka" ngakhale palembedwa "wosweka", chifukwa mutu umadzaza wokha pomwe paperewera. Ndinamuuza kuti mawu aliwonse oyamba ndi wo, zo kapena cho aziima n'kundifunsa ngati "sa" akufunika. Poyamba ankanyinyirika. Pano amati ndizimulipira chigoba pa cholakwika chilichonse.

Foni nayo ili ndi nzeru zake. Yanga inazolowera Chingerezi, ndiye ikaona Chichewa imayesa kuthandiza. Tsiku lina "thumba" inalisandutsa thumbs nditangodina mpata. Zoterezi n'zongoseketsa, wogula amamvabe, koma zimachitika mawu utawalemba kale bwino, maso atapita patsogolo. Ndinapita m'makonzedwe a kiyibodi n'kuzimitsa kusintha mawu kokhako.

Nambala ya foni ndimaiona pomaliza, ndipo iyi sindiikhulupirira ngakhale ndaigwiritsa ntchito zaka zambiri. Ndimawerenga kuti manambala akwana khumi. Kenako ndimaikopa kuchokera mu uthengamo, osailemba pamtima, n'kuiimba pa foni ya mwana. Foni yanga ikalira ndiye kuti ili bwino. Manambala awiri akasinthana malo, ndalama ya Airtel Money kapena ya Mpamba imapita kwa munthu wosamudziwa, ndipo kuti ibwerere ndi ulendo. Ndimalembanso dzina lomwe nambalayo inalembetsedwa, kuti wotumiza afananize asanamalize.

Chizolowezi chokopa uthenga wakale sindinachisiye, chimapulumutsa nthawi. Chomwe ndinasintha n'choti ndikangokopa, ndimayamba ndafufuta manambala onse, kusiya mizere ili yopanda mitengo, kenako n'kumadzaza kuchokera m'kope. Mzere womwe ndaiwala umakhala wopanda kanthu, ndipo mpata umaoneka. Mtengo wakale suoneka, umangokhala phee ngati ndi wa lero.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Masamu a pa kilo amagwira mzere womwe wasemphana ndi anzake, koma mizere yonse ikalakwika mofanana, monga ngati mwawerengera molakwika mtengo woodera kapena mwaiwala kuikamo thiransipoti, masitepe amatsika bwinobwino inu mukuluza. Choncho pamwamba pa pepala ndimayamba ndalemba ndalama zonse zomwe thumba landidya mpaka kufika pakhonde, n'kugawa ndi 50. Ndipo ndimapachika thumba limodzi kapena awiri pa sikelo, chifukwa thumba lotchedwa la 50 nthawi zina limafika ndi 48, ndipo ukalemba 50 wabwereranso ku nkhani ya mayi a kalesitilanti.

Zonsezi zimanditengera mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Sinditumizanso uthenga usiku womwe lole yafika. Ndimalemba madzulo, n'kuusiya ugone, n'kuuwerenga m'mawa tiyi ali pamoto.

Mwezi watha ndinawonjezera nyemba. Ndinachita masamu, ndinayeza ndowa, ndinaimba nambala, zonse zili bwino, chala chili pafupi kudina. Mwana anatenga foni, anawerenga mpaka pansi, n'kuima.

"Amayi, mwalemba kuti tikubweretserani ulere mukagula thumba. Ulere wake mpaka kuti? Wa ku Area 49 nayenso?"

Mzere umenewo unachokera mu uthenga wa nthawi ya Khirisimasi, pomwe ndinkaperekeza katundu kwa a ku Kawale ndi ku Biwi okha. Unalibe nambala, choncho pofufuta manambala unatsala. Ndinaufufuta, n'kumuyezera chigoba chake.